Mafoda a pa fulashi anabwerera bwanji

Fulashi yanga inachokera ku kashopu kena ka ku Area 25 komwe amaika mafilimu oba pamtengo wochepa. Nditailowetsa mu laputopu, mafoda onse anali atasanduka ma shotikati, timivi tating'ono tikuoneka pakona. Imeneyi ndi vairasi yofala m'malo otere: siifufuta mafayilo, imangowabisa, nkuika ma shotikati omwe ukawadina vairasiyo imalowa mu kompyuta.

Sindinadine kalikonse. Ndinatsegula Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, ndipo poti fulashiyo inali pa E:, ndinalemba:

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Lamuloli limachotsa zizindikiro zobisa mafayilo. Mafoda enieni anatulukira. Ndinafufuta ma shotikati onse, komanso kafayilo kachilendo kothera ndi .vbs, poti ndiko kanali gwero la vutolo. Kenako ndinasanthula laputopu yonse ndi Windows Security, ndinakopera zithunzi ndi zikalata zanga zokha, fulashiyo nkuifomata.

Chinanso, ndisanaifomate, mu File Explorer ndinatsegula File name extensions kuti mathero a mayina a mafayilo azioneka. Filimu imodzi inapezeka kuti dzina lake limathera ndi .mp4.exe. Imeneyo si filimu ayi, ndi pulogalamu.

Yomwe inaseweradi inali yojambulidwa pa sikirini ndi foni, mawu akuchedwa kutsatira milomo. Inali ya Chimalawi, ndipo pa ndalama zomwe ndinalipira, oipanga sanalandirepo ngakhale tambala. Filimu ya kuno tsopano ndimaionera pa tchanelo cha eni ake pa YouTube.