Chuku chimalowa ndi chinyezi: kusunga mtedza ndi chimanga mopewa aflatokisini

Alimi ambiri akaona chuku pa mtedza kapena pa chimanga amadandaula kuti mbewu yaonongeka maonekedwe ndi kakomedwe, koma vuto lenileni ndi lomwe maso saliona. Nkhungu ina yobiriwira mwachikasu, yotchedwa Asipejilasi, imene imakhala m'nthaka, ikamamera pa njere imatulutsa poizoni wotchedwa aflatokisini. Poizoniyu alibe fungo, alibe mtundu, ndipo satha ngakhale mbewuyo mutaikazinga kapena kuiphika kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake ndimauza alimi kuti nkhondo imeneyi siimenyedwa pamoto ayi, imamenyedwa poyanika ndi posunga.

Akatswiri anamutulukira poizoniyu pambuyo poti nkhukundembo zoposa 100,000 zafa ku Mangalande m'chaka cha 1960 zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kwa anthu, ngozi yodziwika kwambiri inachitika kum'mawa kwa Kenya mu 2004, pamene anthu 317 anadwala ndipo 125 mwa iwo anamwalira, ambiri atadya chimanga cha m'minda yawo yomwe chimene chinasungidwa chisanaume bwino. Munthu akadya poizoni wambiri nthawi imodzi chotere amasanza, maso amachita chikasu, mimba ndi miyendo zimatupa chifukwa chiwindi chaleka kugwira ntchito. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kudya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kumene sikupweteketsa mimba lero koma kumaononga chiwindi kwa zaka zambiri mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatayitisi B. Kafukufuku wasonyezanso kuti ana odya aflatokisini kawirikawiri amakonda kupinimbira, ndipo poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka wa mayi woyamwitsa ndi wa ng'ombe.

Nkhunguyi imafuna zinthu ziwiri: chinyezi ndi kutentha. Kutentha sitingakuletse, choncho mphamvu zathu zonse zipite pa chinyezi. Chimanga chotong'ola chiyenera kuuma mpaka chinyezi chifike 13 peresenti, pomwe njere za mtedza ziyenera kutsika kufika 7 kapena 8 peresenti, chifukwa mtedza uli ndi mafuta ambiri ndipo umachita chuku pa chinyezi chimene chimanga chingapirire. Muziyanika pa lona, pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, popeza dothilo ndiye kwawo kwa nkhunguyi. Mbewu muiyale mopyapyala, muziitembenuza kangapo masana, ndipo madzulo muiphimbe kapena kuilowetsa kuti mame asabwezere mmbuyo ntchito ya tsiku lonse.

Ngati mulibe makina oyezera chinyezi, chimanga mungachiyese ndi mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino lokhala ndi chitsekerero, thirani chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo, onjezerani masupuni awiri kapena atatu a mchere wosalala umene mwauyanika padzuwa, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, kenaka mulisiye kwa mphindi 15 ndi kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyezi choposa pafupifupi 15 peresenti. Dziwani malire a njira imeneyi: mchere ukapanda kumatirira sizitanthauza kuti mwafika pa 13, choncho ndi nzeru kuyanikabe tsiku lina kapena awiri adzuwa lamphamvu. Mcherewo ukakhala wonyowa kale, mayeso onse ndi abodza. Mtedza suyesedwa motere. Wouma umalira m'makoko mukaugwedeza, njere yake imathyoka ndi kaphokoso mukailuma m'malo mopindika, ndipo kakhungu kake kamasupuka mosavuta mukafikisa ndi zala.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimaononga mtedza woyanikidwa bwinobwino, ndicho kuuwaza madzi kuti makoko afewe pofuna kuswa. Ndinafikapo pakhomo pa mlimi wina amene anakolola matumba khumi, nawayanika mosamala kwa masabata awiri mpaka mtedza unkalira bwino m'makoko. Wogula atafuna wosenda, banjalo linawaza madzi pamuluwo madzulo, kuuphimba ndi matumba usiku wonse, n'kuswa m'mawa mwake. Zala sizinapweteke, njere sizinasweke, ndipo tsiku lomwelo anaziika m'matumba n'kuwasanja pansi pa simenti, kutsamiritsa kukhoma. Wogulayo anachedwa ndi masabata atatu. Pamene ndinapisa dzanja pakati pa thumba limodzi, munali mofunda ngati m'khwapa, njere zina zitagwirana, ndipo nditazigawa pakati ndinapeza kaufa kobiriwira mkati pomwe kunja zinkaoneka zabwino. Matumba okhudza khoma ndi pansi ndi amene anaonongeka kwambiri. Madzi a usiku umodzi anafafaniza dzuwa la masabata awiri, pakuti njere youma imayamwa chinyezi msanga, ndipo m'thumba lodzaza mulibe mphepo yochichotsa.

Chimene banjalo linayenera kuchita n'chosavuta, ngakhale n'chowawa m'zala: kusunga mtedza m'makoko ake, popeza khoko losasweka limateteza njere ku tizilombo ndi ku nkhungu, ndi kuswa wouma pokhapokha ukufunika. Matumba akhale pa thandala lokwera, atalikirane ndi khoma pafupifupi theka la mita, m'chipinda chosadontha ndi chopita mphepo. Anankafumbwe ndi makoswe nawonso muwaone ngati abwenzi a chuku, chifukwa pamene aboola ndi pamene nkhungu imalowera, komanso kupuma kwa tizilombo tochuluka kumaonjezera chinyezi ndi kutentha m'thumba. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amapha tizilombo popanda mankhwala ngati pulasitiki iliyonse yamangidwa payokha ndipo ilibe chiboo. Komatu matumba amenewa saumitsa mbewu. Mukaikamo chimanga chachinyezi, mwachitsekera pamodzi ndi madzi ake.

Kusankha ndi ntchito imene ndimapempha kuti isachitidwe mothamanga, chifukwa poizoniyu safalikira mofanana m'thumba lonse. Amaunjikana mu njere zochepa zofwapa, zosweka, zobooka ndi zosintha mtundu, moti kuchotsa zimenezi kumatsitsa kwambiri kuchuluka kwake, ngakhale sikumumaliza. Kuchepa kwa mlingo wovomerezeka kukuonetsa kuopsa kwake: maiko a mgwirizano wa ku Ulaya salola mtedza wodya woposa mamaikulogalamu 4 a aflatokisini pa kilogalamu, kutanthauza magawo anayi okha mwa magawo biliyoni imodzi a kulemera kwa mtedzawo, ndipo mlingo wotere umadziwika poyeza ku labotale basi.

Pano mpamene mabanja ambiri amalakwitsa, ndipo zimandipweteka mtima. Mtedza wabwino amagulitsa, zotsalira zija amasinja kuti ana adye, kapena amapatsa ziweto. Motero njere zomwe zili ndi poizoni wambiri zimathera m'mimba mwa amene matupi awo ndi aang'ono, ndipo zimene zapita kwa ng'ombe zimabwerera kudzera mumkaka. Kutsuka, kupukuta kapena kuyanikanso mbewu ya chuku kumachotsa kaufa ka pamwamba kokha, poizoni amatsala mkati. Zosankhidwazo muzikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi munda ndi chitsime, kapena muzitenthe, ndipo matumba amene munali chuku musaikemonso zokolola zatsopano. Matumba otsalawo, kupatula osalowa mpweya aja, muziwatsegula pakatha masabata awiri aliwonse, kupisa dzanja mpaka pakati, kununkhiza, ndi kugawa njere zingapo kuti muone mkati mwake.