Momwe mungatumizire posita pa WhatsApp m'mphepete mwa zilembo osawonongeka

Posita ya chikondwerero cha makwaya a kutchalitchi kwathu inali yokongola pa kompyuta: kumbuyo buluu woderako, zilembo zikuluzikulu zofiira, pakati chithunzi chojambula pamanja cha ng'oma chokhala ndi mizere yakuda yopyapyala. Itafika pagulu la WhatsApp, zilembo zofiirazo zinaoneka ngati zanyowa ndi mvula, m'mphepete mwake muli timadontho ta litsiro, mizere ya ng'oma ija itaduka-duka. Mayi wina wa m'komiti anandiimbira: "Achimwene, tsikuli ndi pa 16 kapena pa 18?" Vuto lotere limapeweka, koma ntchito yake imayamba musanasunge fayilo.

Choyamba dziwani zimene JPEG imachita, poti zithunzi za pa WhatsApp zimafika zili JPEG. Mtundu wa fayilo umenewu unakhazikitsidwa mu 1992 poganizira zithunzi za kamera, momwe mitundu imasinthana pang'onopang'ono monga pankhope ya munthu kapena pamtambo. Pofuna kuchepetsa fayilo, imadula chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi, 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kutaya tinthu tina timene diso silingatione msanga. Pankhope simuzindikira kanthu. Koma pamene mtundu umodzi wathera mwadzidzidzi wina n'kuyamba, monga m'mphepete mwa chilembo kapena chizindikiro cha kampani, zotayidwazo zimasiya timadontho tozungulira mzerewo ngati udzudzu. PNG, yomwe inabwera mu 1996, imachepetsa fayilo osataya kanthu, ndiye mzere umakhala wakuthwa monga munaujambulira.

Choncho sitepe yoyamba njosavuta. Ngati ntchito yanu ili ya zilembo, katuni, chizindikiro kapena mitundu yosasakanikirana, isungeni ngati PNG. JPEG isiyireni zithunzi za kamera. Posita yokhala ndi zonse ziwiri, nkhope ya mlaliki ndi zilembo pamwamba, ine ndimaisungabe ngati PNG ngakhale fayilo ilemere, chifukwa anthu amafuna kuwerenga tsiku ndi malo.

Tsopano pali chimene ambiri chimawadabwitsa: mukatumiza PNG yanu ngati chithunzi wamba, WhatsApp imaisandutsa JPEG, ndipo ikakhala yaikulu imaichepetsanso. Wina angafunse kuti nanga PNG yathandiza chiyani. Yathandiza kuti chithunzicho chifinyidwe kamodzi kokha. Mukayamba ndi JPEG, timadontho toyamba tija timafinyidwanso kachiwiri n'kuchulukirachulukira.

Sitepe yachiwiri ndi kukula kwa chithunzi. Posita yanga ija ndinaikonzera osindikiza, pepala la A4, mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Potumiza mwachizolowezi, WhatsApp imatsitsa mbali yaitali kufika pafupifupi mapikiselo 1600, kutanthauza kuti chilichonse chinachepa kupitirira theka. Mzere wa ng'oma umene unali wa mapikiselo 2 unatsala wosakwana pikiselo imodzi, n'chifukwa chake unaduka-duka. Chepetsani nokha pa kompyuta, pamene muli ndi mwayi woona zotsatira ndi kukonza: A4 ija ikhale 1131 ndi 1600, ndipo ya pa Status ikhale 900 ndi 1600. Mukatero onani mizere yonse, iliyonse yosakwana mapikiselo 3 muinenepetse, ndipo tizilembo ta nambala ya foni tikule.

Pa nkhani ya mitundu mpamene ndikufuna tikhalitsepo. Mafoni ndi mapulogalamu ambiri amayembekezera mitundu ya sRGB. Fayilo yokonzedwera osindikiza nthawi zambiri imakhala mu CMYK, ya inki zinayi, ndipo ikatsegulidwa pafoni mitundu imatha kutuwa kapena kuwala modabwitsa, buluu n'kuoneka ngati wasanduka mtundu wina. Ya Adobe RGB nayo, pulogalamu ikanyalanyaza chizindikiro cha mitundu chimene chili m'fayilomo, imatuluka mbuu. Mu Photoshop pitani pa File, Export, Export As, sankhani PNG, ndipo chongani Convert to sRGB ndi Embed Color Profile. Mu Canva dinani Share, kenako Download, n'kusankha PNG. Kumeneko mitundu ili kale m'njira yoyenera foni. Fayilo ya osindikiza muisunge payokha ndi dzina lina kuti musamazisokoneze.

Komabe sRGB payokha sikanapulumutsa zilembo zanga zofiira. JPEG imasunga kuwala kwa chithunzi padera ndi mtundu wake padera, ndipo kawirikawiri mtunduwo imausunga mosasamala: mapikiselo anayi oyandikana amagawana mtundu umodzi, njira yolembedwa kuti 4:2:0. Kuwala kokha n'kumene kumasungidwa pa pikiselo iliyonse. Ndiye m'mphepete mwa chilembo mumakhala mwakuthwa pokhapokha chilembocho chikusiyana ndi kumbuyo kwake pa kuwala, osati pa mtundu wokha. Zofiira ndi buluu zonse n'zodera m'maso mwa JPEG: powerengera kuwala, zobiriwira zimatenga pafupifupi magawo 59 pa 100, zofiira 30, buluu 11 okha. Chilembo chofiira pa buluu chimadalira mbali imene imafinyidwa kwambiriyo.

Kuyesa kwake n'kwachidule. Chotsani mitundu yonse kwakanthawi kuti posita ikhale yakuda ndi yoyera. Ngati zilembo zikuwerengekabe bwino muli patali, zidzapirira. Zanga zinangomira m'kumbuyo. Ndinasintha mutu kukhala wachikasu chowala, ndipo mawu amene komiti inaumirira kuti akhale ofiira ndinawazunguliza mzere woyera wa mapikiselo 4. Mzere woyerawo ndi umene unagwira m'mphepete.

Chenjeraninso ndi PNG yopanda kumbuyo, yoonekera. JPEG sidziwa kusunga kuonekera, choncho malowo amadzazidwa ndi mtundu umene simunasankhe, nthawi zina wakuda, chizindikiro chakuda n'kusoweramo. Ikani kumbuyo kwanu musanatumize.

Ngati pazifukwa zina mukufunika JPEG, mu pulogalamu ya GIMP ikani Quality pa 90 kapena kupitirira, tsegulani Advanced Options, ndipo pa Subsampling sankhani 4:4:4, kuti pikiselo iliyonse ikhale ndi mtundu wakewake. Izi zimathandiza kwambiri fayiloyo ikapita osafinyidwanso.

Potumiza pali njira zitatu. Kwa munthu amene akasindikize kapena kuikonzanso, dinani kachizindikiro komatira fayilo, sankhani Document, n'kupeza PNG yanu. Imafika monga ilili, osakhudzidwa. Pa Telegram njira yofanana nayo ndi kutumiza ngati File. Kuipa kwake n'kwakuti pagulu anthu amaona kafayilo kofuna kutsegula, ndipo amene bandulo yawatsala pang'ono amangokadutsa. Choncho pagulu la anthu ambiri tumizani ngati chithunzi, koma chikakhala choposa mapikiselo 1600 aja, dinani HD pamwamba musanatumize. Batani limeneli linabwera mu 2023, ndipo ngakhale limafinyabe, limasiya mapikiselo ochuluka. Pa Status palibe Document, ndiye kumeneko chimene chimakutetezani ndi kukula koyenera, mizere yonenepa ndi kusiyana kwa kuwala kuja.

Musanaponye pagulu, dzitumizireni nokha kapena tumizani pafoni ya mnzanu, makamaka yotchipa. Kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri pa chilembo chaching'ono kwambiri. Mukaona timabokosi kapena mtundu utatayikira kunja kwa chilembo, bwererani ku fayilo yoyamba ija, osati imene yatuluka mu WhatsApp. Ndipo apempheni a m'komiti kuti pogawira ena azigwiritsa ntchito Forward, asamajambule sikirini n'kutumizanso, chifukwa apo chithunzi chimafinyidwa mwatsopano nthawi iliyonse. Posita yathu yachiwiri inazungulira magulu onse a kwaya, ndipo 18 anawerengeka kuti 18.