Kusintha mtundu wa maso pa chithunzi osaoneka ngati mwapaka penti

Anthu ambiri akafuna kusintha mtundu wa maso amangotenga burashi, kusankha girini kaya buluu nkuthira pa diso, basi zatha. Zotsatira zake maso amaoneka ngati mabatani a malaya, chifukwa diso lenileni silikhala la mtundu umodzi thope: lili ndi timizere tochokera pakati, m'mphepete mwake muli mkombero wakuda, kumtunda kuli mthunzi wa chikope, komanso pali kadontho koyera ka kuwala. Mukakwirira zimenezi ndiye kuti diso lafa.

Ine ndimagwiritsa ntchito Photoshop, koma Photopea imachitanso zonsezi ndipo ndi yaulere, mumangotsegula pa intaneti. Zija za ma Photoshop ogulitsa pa fulashi motchipa zisiyeni, nthawi zambiri zimabwera ndi mavairasi. Chithunzinso chikhale choyambirira kuchokera mu kamera, osati chomwe chadutsa pa WhatsApp poti chimenecho timizere ta m'diso tinafufutika kale. Eni chithunziwo auzeni akutumizireni ngati `Document`.

Tsono nkhani yaikulu nayi, ndipo apa ndi pomwe zinandikanika koyamba pa chithunzi cha mkwatibwi wina. Maso a ambirife ndi a bulauni wakuda kwambiri, ndipo mtundu suoneka pa malo a mdima. Ndinaika girini, diso silinasinthe, nditakweza `Saturation` mpaka kumapeto kunangotuluka girini wonyansa m'malo mowala mokhamo, ndipo nditakoka `Lightness` diso lonse linachita mbuu ngati lili ndi ng'ala. `Lightness` ameneyu musamukhudze ndithu, amawalitsa zonse mofanana, zakuda ndi zowala zomwe, ndiye timizere tonse timasowa. Choyamba ndi kuwalitsa diso ndi `Curves`, mtundu ubwere pambuyo.

Ikani leya ya `Curves`, kokani pakati pa mzere kupita m'mwamba mpaka timizere ta m'diso titayamba kuoneka, kenako ikani kadontho pa mzerewo kumunsi chakumanzere nkukatsitsa pang'ono kuti zakuda zikhalebe zakuda. Nkhope yonse iwala, musadandaule. Dinani pa masiki ya leyayo, kabokosi koyera kali pambali pake, nkupanga `Ctrl+I` kuti ide, kuwalako kubisike. Kenako burashi yoyera yofewa, `Flow` pa 10% kapena 15%, yambani kupaka pang'onopang'ono pa gawo la bulauni lozungulira kamwana ka diso, chithunzi mutachikuza mpaka 300%.

Musapake paliponse mofanana ayi. Yang'anani pomwe pali kadontho koyera kaja, ngati kali kumtunda chakumanja ndiye kuti kuwala kunalowera kumeneko nkukagwera kumunsi chakumanzere kwa diso, ndiye kumunsiko ndi komwe mupake kwambiri. Kumtunda pansi pa chikope kusiyeni kuderako, kamwana ka diso kakhale kakuda bii, mkombero wa m'mphepete uja osaukhudza. Burashi ikalumphira pa choyera cha diso kapena pa nsidze, dinani `X` ikhale yakuda mufufute. Mukaona kuti m'diso mwayamba kutuluka timadontho ngati mchenga, mwafika pomwe chithunzicho chingathe, bwezani mzere uja pang'ono. Fayilo ya `RAW`, yosunga zonse zomwe kamera inajambula, imalola kuwalitsa kwambiri kuposa `JPEG`, ngati wojambula ali nayo ipempheni, ngakhale ena amafuna kandalama kapadera kuti aitulutse.

Mtundu tsopano. Gwirani `Ctrl` nkudina pa masiki ya `Curves` ija, kenako ikani leya ya `Hue/Saturation`, itenga masiki yomweyo yokha. Chongani `Colorize`, leyayo muiike pa `Color` m'malo mwa `Normal` kuti isinthe mtundu wokha osakhudza kuwala ndi mdima wa pansi. Pa mkwatibwi uja ndinaika `Hue` pa 40 ndi `Saturation` pa 25, maso anatuluka ngati uchi, ndipo pa khungu lakuda mtundu umenewu umakhala bwino kwambiri. Girini ali cha pa 100, buluu cha pa 205, koma awiriwa `Saturation` isapitirire 20, buluu wa maso enieni amakhala wotuwirako. Ngati mwasankha girini, tengani burashi yakuda mufufute pang'ono mozungulira kamwana ka diso kuti bulauni wakale aziwonekera, maso ambiri a girini amakhala choncho. Kadontho koyera kaja kafufuteninso pa masikiyi, kakatenga mtundu aliyense amadziwa kuti mwapanga.

Diso linalo chimodzimodzi, pa maleya omwewo, kungoti ngati lili ku mthunzi lisawale kufanana ndi linzake. Tsitsani `Opacity` ya leya ya mtundu kufika 60% kapena 70%, chepetsani chithunzi chioneke chonse, ngati maso akuoneka ngati akuyaka tsitsaninso ya `Curves`. Sungani `PSD`, fayilo yosunga maleya onse, padera musanatulutse `JPEG`, makasitomala amakonda kubwera mawa kuti asintha maganizo, akufuna girini.