Momwe mungayankhulire ndi antchito a mu saluni potseka chaka

Musaitanitse msonkhano pa 24 kapena pa 31 Disembala. Masiku amenewo oluka amakhala chiimire kuyambira m'mawa, zala zili zowawa, ndipo palibe angakumvereni. Sankhani tsiku la pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere, mutseke msanga, mugule zakumwa. Mphindi khumi zikwana.

Musanakonze mawu, tsegulani kaye kope la ndalama. Onani mwezi umene munapeza zambiri, umene munavutika, ndi ntchito imene inabweretsa anthu: kuluka meshi kodi, kapena kupaka rilakisa? Zoyankhula zanu zichokere m'menemo.

Kenako lembani chinthu chimodzi chimene aliyense anachita. Apa ndi pamene eni saluni ambiri timaphonya. Timangoti "nonse mwagwira bwino ntchito", wantchito n'kupita kwawo osadziwa ngati munaona thukuta lake. Tiyerekeze muli ndi saluni pa Chitakale, antchito atatu. Munganene kuti: "Achemwali, tsiku lija magetsi anazima akwati ali mu dulaya, inu munawakonza ndi manja mpaka anafika ku tchalitchi nthawi yabwino. Zikomo. Inunso asisi, matawulo sanagonepo akuda chaka chonse." Wotsuka mitu ndi wosesa musamusiye, chifukwa iye ndi amene amaiwalika msanga.

Za bonasi nenani zoona. Ngati ilipo, perekani tsiku lomwelo. Ngati palibe, fotokozani chifukwa, koma musalonjeze "tiona mu Januwale". Mukudziwa kale kuti mwezi umenewo makasitomala ndalama zawo zimapita ku fizi ndi feteleza.

Mukatha kuthokoza, tchulani zolinga, zisapitirire zitatu, ndipo zikhale zoti munthu angawerenge. "Tilimbikire" si cholinga. Ngati kope likuonetsa kuti Lachiwiri mumakonza mitu 4 yokha, nenani kuti pofika Epulo mukufuna 7, ndipo muzitumizira uthenga makasitomala amene analukitsa masabata 6 apitawo. China chikhale cha ukhondo: zipeso ndi malezala a makina kutsukidwa akachoka kasitomala aliyense, matawulo kuyanikidwa mpaka kuuma gwa, poti ndi chinyezi cha kuno ku Mulanje sachedwa kununkha. Chachitatu chikhale chanu bwana, monga kugula dulaya ina pofika Juni. Antchito akamva kuti nanunso mwadzimanga, sayesa kuti mukungowaunjikira katundu.

Wochedwa ku ntchito kapena amene anakangana ndi kasitomala musamudzudzule pa gulu tsiku limeneli. Muitaneni payekha tsiku lina.

Pomaliza afunseni chimene chinawavuta chaka chino, ndipo mudikire ndithu, chifukwa poyamba amangoyang'anana. Zimene mwagwirizana zilembeni pa pepala, mumate pambali pa galasi, ndipo muikepo tsiku la kumapeto kwa Malichi loti mudzakhalenso pansi ndi kope lija.