Momwe mungapemphere yankho la imelo ngati kalata yoyambayo simunaitumize kwa wokuthandizani

Anthu ambiri akalandira imelo ya Chingerezi yochokera ku kampani, ku sukulu kapena ku bungwe lina, amapempha wachibale kapena mnzawo wa kuntchito amene amadziwa kulemba makalata kuti awakonzere yankho. Vuto limene limachitika kawirikawiri ndi lakuti uthenga wopempha thandizowo umangoti, "Chonde ndilembereni yankho la imelo iyi," koma m'munsi mwake mulibe imelo iliyonse. Nthawi zina munthu amakhala kuti wadina batani lotumizira asanamate mawu amene anakopera, nthawi zina chithunzi cha kalatayo chimakanika kupita chifukwa bandulo yatha, ndipo ena amangoganiza kuti zimene anafotokoza pafoni dzulo lake n'zokwanira. Mulimonsemo, wopemphedwayo amatsala ndi ntchito yoyankha mawu amene sanawaone.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina anafunsira ntchito ya ukalaliki ndipo walandira imelo yomuitanira ku intavyu. M'kalatamo muli zinthu zinayi: asankhe pakati pa Lachiwiri 9 koloko m'mawa ndi Lachinayi 2 koloko masana, atsimikize kubwera kwake pasanafike 12 koloko masana Lachisanu la sabata ino, atumize chithunzi cha satifiketi yake ya MSCE pamodzi ndi chiphaso cha unzika, ndipo atchule nambala ya pempho lake poyankha. Iye walembera amalume ake kuti amuthandize, koma wangonena kuti "andiitana ku intavyu." Amalumewo akangolemba mwachisawawa, atulutsa kalata yaulemu yothokoza ndi kulonjeza kuti mtsikanayo adzabwera, ndipo kalata imeneyo idzaoneka yabwino ndithu ngakhale kuti sinayankhe mokwanira zinthu zinayi zija. Yankho lotereli ndi loopsa kuposa kusayankha kumene, chifukwa mwini wake amakhala ndi mtima wakuti nkhani yatha, pamene ku ofesi kuja akudikirabe tsiku ndi mapepala.

Choyamba: wopemphedwa asayambe kulemba

Ngati ndinu amene mwapemphedwa, musapeke zimene kalatayo ikunena, ngakhale mutalembapo mayankho ambiri a mtundu womwewo. Bwezani uthenga nthawi yomweyo, ndipo nenani momveka chimene chikusowa ndi njira yochitumizira, chifukwa mukangoti "sindikuiona," mwini wake angathe kubwerezanso cholakwika chomwe chija. Amalume aja angalembe motere: "Mwanangu, imeloyo siinabwere, ndalandira mawu ako okha. Itsegule, udine Forward, ulembe adilesi yanga n'kutumiza. Undiuzenso chimene iweyo ukufuna kuwayankha komanso tsiku limene akufuna yankholo." Funso la tsiku ndi lofunika kulifunsa poyambirira, popeza ndi limene limakuuzani ngati nkhaniyo ingadikire mpaka madzulo kapena ayi.

Chachiwiri: tumizani kalata yonse

Njira yodalirika kuposa zonse ndi ya Forward, imene imapezeka m'munsi mwa imelo yotsegulidwa mu Gmail, pafoni ndi pakompyuta pomwe, ndiponso mu Outlook. Ubwino wake ndi wakuti imanyamula dzina ndi adilesi ya wotumiza, tsiku, mutu wa kalata, anthu ena amene analandira nawo kalatayo, komanso mafayilo onse amene anaphatikizidwa. Mutu wa imelo yanu udzayamba ndi Fwd: mu Gmail kapena FW: mu Outlook, ndipo musanatumize, tsikani m'munsi muone ngati mawu a kalata yoyambayo alipodi. Ngati mwakhala mukulemberana ndi ofesiyo maulendo angapo, pakompyuta sankhani Forward all mu Gmail kuti makalata onse apite pamodzi, chifukwa kawirikawiri kalata yomaliza siimveka payokha. Mawu onga akuti "monga tinagwirizana sabata yatha" alibe tanthauzo kwa munthu amene sanaone zimene munagwirizanazo.

Kukopera ndi kumata pa WhatsApp nakonso kumatheka, makamaka ngati wokuthandizaniyo satsegula imelo yake pafupipafupi, koma apa ndi pamene zinthu zimatayika kwambiri. Pafoni, dinikizani chala pa mawu a kalatayo kwa kamphindi, sankhani Select all kenako Copy, ndipo mukafika pa malo olembera uthenga dinikizaninso n'kusankha Paste. Pakompyuta mumagwiritsa ntchito Ctrl+C pokopera ndi Ctrl+V pomata. Dziwani kuti njira imeneyi nthawi zambiri imatenga thunthu la kalata lokha n'kusiya mutu, adilesi ya wotumiza ndi tsiku, choncho zimenezi muzilembe nokha pamwamba. Mafayilo ophatikizidwa nawonso sabwera, ndipo ngati malangizo enieni ali mu PDF, muyenera kuitsitsa n'kuitumiza payokha. Komanso Gmail imabisa makalata am'mbuyo kuseri kwa timadontho titatu tomwe timaoneka kumapeto kwa uthenga, ndipo mukapanda kutidina musanakopere, gawo limenelo likhoza kutsala.

Zithunzi za sikirini ya foni ndi njira yomaliza. Kalata yaitali siikwana pa chithunzi chimodzi, ndipo gawo limene limadulidwa ndi la kumunsi, kumene olemba makalata amakonda kuikako tsiku lomaliza ndi dzina la munthu woti ayankhidwe. Jambulani zithunzi zotsatizana zomwe mzere womaliza wa chimodzi ukuonekanso pamwamba pa chinzake, kuti wowerenga atsimikize kuti palibe chasowa pakati. Mukatumiza, dikirani mpaka muone kuti zapitadi musanatseke foni.

Musanatumize mwa njira iliyonse, werengani ngati m'kalatamo muli zinthu zimene munthu wina sayenera kuziona, monga pasiwedi, nambala yachinsinsi yolowera mu akaunti, nambala ya akaunti ya ku banki, kapena linki yosinthira pasiwedi. Zimenezi zifufuteni, ndipo m'malo mwake lembani kuti "apa panali nambala ya akaunti," kuti wokuthandizaniyo adziwe kuti mwachotsa dala. Ngati kalatayo ndi ya kuntchito, ganizirani kaye ngati malamulo a pamalopo amalola kuitumiza kwa munthu wakunja.

Chachitatu: nenani yankho lanu

Ngakhale kalata itafika yonse, wokuthandizani sangakusankhireni tsiku kapena kudziwa ngati muli ndi mapepala amene akufunidwa. Ntchito yake ndi kukonza mawu, koma chosankha ndi chanu. Pempho lokwanira la mtsikana uja lingakhale lotere: "Amalume, ndakutumizirani imelo ija pa Forward, mutu wake ukuyamba ndi Fwd:. Ndasankha Lachinayi 2 koloko masana chifukwa Lachiwiri m'mawa sindingafike msanga kuchokera kuno. Satifiketi ndili nayo ndipo ndiiphatikiza ndekha, koma chiphaso cha unzika chinatayika ndipo ndikudikira china, ndiye chonde muwafunse ngati angalandire pasipoti m'malo mwake. Yankho likufunika pasanafike 12 koloko Lachisanu." Uthenga umenewu uli ndi mfundo imene siikanapezeka m'kalata yoyambayo ngakhale amalumewo akanaiwerenga kakhumi, yomwe ndi ya chiphaso chotayikacho, ndipo ndi mfundo imene ikusintha yankho lonse kuti likhale ndi funso m'kati mwake.

Wolemba yankho ayenera kudutsa m'kalata yoyambayo mzere ndi mzere, n'kulemba pambali chilichonse chimene chafunsidwa, kenako n'kuonetsetsa kuti chilichonse chayankhidwa. Dzina la woyankhidwa alilembe monga momwe mwini wake anasainira. Pa masiku ndi nthawi pamafunika kusamala kwapadera ngati kalatayo yachokera kunja. Tsiku lolembedwa 03/04 kwa wolemba wa ku Britain ndi 3 Epulo, pamene kwa wa ku America ndi 4 Malichi, choncho poyankha ndi bwino kulemba dzina la mwezi m'mawu. Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku South Africa, koma ili patsogolo pa ya ku Britain ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yawo yotentha, ndipo zinthu ngati zimenezi zimadziwika pokhapokha munthu ataona mawu enieni a kalatayo.

Ngati kalatayo siikupezeka kapena siingatumizidwe

Yambani mwaifufuza polemba dzina la kampani kapena liwu limodzi la m'mutu wake m'bokosi lofufuzira. Yang'ananinso mu All Mail, mu Spam ndi mu Trash, imene pa mafoni ena imalembedwa kuti Bin, pokumbukira kuti Gmail imafufutiratu makalata a mu Spam ndi mu Trash pakatha masiku 30. Ikapanda kupezeka, musapemphe yankho lathunthu lochokera m'zimene mukukumbukira. Pemphani wokuthandizani akulembereni kauthenga ka mizere iwiri kapena itatu kopita kwa wotumiza, konena kuti munalandira kalata yawo yokhudza nkhani yakutiyakuti koma simukuthanso kuipeza, ndipo mukupempha kuti aitumizenso. Palibe chamanyazi pa pempho lotere, ndipo ndi labwino kuposa kuvomera tsiku lolakwika.

Pamene kalata ilipo koma ndi yachinsinsi, fotokozani zinthu izi m'mawu anuanu: udindo wa amene walemba, chimene akufuna, mafunso ake m'ndondomeko yomwe anawafunsira, tsiku lomaliza, ndi kamvekedwe ka kalatayo, kaya ndi yodandaula, yokumbutsa kapena yongodziwitsa. Wokuthandizani asiye mipata pa maina, manambala ndi masiku kuti mudzadzaze nokha, ndipo asaikemo lonjezo lililonse limene inu simunalitchule.

Chomaliza: tumizani kuchokera pa kalata yoyambayo

Yankho likabwera, musatumize imelo ya wokuthandizaniyo mwachindunji kwa kampani, chifukwa idzapita ndi zokambirana zanu zonse m'munsi mwake, kuphatikizapo mawu amene simukanafuna kuti abwana awawerenge. Tsegulani kalata yoyamba ija, dinani Reply, ndipo matani mawu a yankho okha. Mukatero mutu udzayamba ndi Re: ndipo yankho lidzalumikizana ndi kalata yawo, zomwe zimathandiza wolandira kudziwa msanga kuti ndinu yani. Gwiritsani ntchito Reply all pokhapokha ngati anthu ena amene analandira nawo kalatayo, olembedwa pa Cc, akuyenera kuona yankholo. Reply siibweza mafayilo amene anabwera ndi kalata yoyamba, ndipo satifiketi kapena fomu imene mwadzaza muyenera kuiphatikiza nokha, yosapitirira 25 MB ngati mukugwiritsa ntchito Gmail. Kwa mtsikana uja, zoti aone asanadine Send ndi zakuti Lachinayi 2 koloko latchulidwa, nambala ya pempho lake yalembedwa molondola, funso la pasipoti lilimo, satifiketi yaphatikizidwa, ndipo palibe mpata umene amalume anasiya womwe watsala wosadzazidwa.