Momwe mungachitire kuti mayunitsi, madzi ndi eyataimu zisamakuthereni pakati pa usiku

Mita kuyamba kulira nsima ili pa hotipuleti, foni ilibe kanthu, ma ejenti onse atseka, zinandichitikirapo ine ndipo ana anagona ndi tiyi. Vuto lathu ambiri timagula ndi ndalama, "ndipatseni a 5 sauzande", osadziwa kuti nyumba yathu imadya mayunitsi angati patsiku.

Ndiye choyamba yezani. Lolemba mmawa lembani nambala yomwe ikuoneka pa mita ya ESCOM, Lolemba linalo nthawi yomweyo lembaninso, ngati mwagula ena pakatipa muwaphatikize. Kwathu inali 84 kenako 42, ndiye kuti mayunitsi 42 pa masiku 7, omwe ndi 6 patsiku. Pamwezi wa masiku 30 ndi 180. Onjezerani a masiku atatu, 18, chifukwa alendo sachenjeza, zikwana pafupifupi 200. Tengani risiti yomaliza muone ndalama zomwe munapereka zinakupatsani mayunitsi angati, muwerengere pamenepo, osati mtengo wa chaka chatha.

Yunitsi imodzi ndi chinthu cha mawatsi 1000 chikayaka ola lathunthu. Hotipuleti ya 1500 kuphikira nyemba maola awiri yadya 3, pomwe babu la LED la mawatsi 9 limafuna maola opitilira 100 kuti limalize imodzi. Ndiye musamakalipire ana za mababu pamene giza yakhala yoyatsa tsiku lonse. Mukaona 6 yakwera kufika 9 popanda chatsopano mnyumba, yambani kuona giza, ayironi ndi labala ya chitseko cha firiji.

Malipiro akangolowa gulani tsiku lomwelo pa Mpamba kapena Airtel Money, ndalama zisanapite ku zina, koma mugule matokeni awiri. Yaikulu ilowetseni, yaing'ono ija ya masiku atatu isiyeni mu meseji, manambala ake 20 muwakoperenso papepala pafupi ndi mita poti foni imatha moto ndipo netiweki imavuta nthawi yomwe ukuifunitsitsa. Mukaigwiritsa ntchito mugule ina mawa lake.

Madzi a pulipedi njira ndi yomweyo, ingokumbukirani kuti kiyubiki mita imodzi ndi malita 1000, zigubu 50 za malita 20. Usiku umodzi tsekani mipopi yonse, muwerenge mita pogona ndi podzuka, ikasuntha pali podontha, kawirikawiri ndi thanki ya kutoileti. Zigubu ziwiri zizikhala zodzadza nthawi zonse.

Eyataimu imathera pa data. Bando ikatha data ili yoyatsa, foni imatha kuyamba kudya eyataimu yeniyeni, ndiye lembani pa kalendala tsiku lomwe bando ikutha ndipo muzimitse zoti mavidiyo a pa WhatsApp azidzitsitsa okha. Ngongole ya eyataimu ija amadula ndi kachiwongola dzanja mukangoika ina, bola kusiya kandalama kochepa mu Mpamba kosakhudza, kogulira mamineti tsiku lomwe mwana wadwala usiku.