Mlombwa kapena paini? Kasankhidwe ka matabwa a chitseko ndi matirasi

Ambiri akamva zoti hadiwudi amangoti ndiye wabwino pa chilichonse, ayi ndithu. Hadiwudi ndi mitengo ya masamba otambalala monga mlombwa, mbawa ndi bulugamu, pomwe sofutiwudi ndi ya masamba ngati singano monga paini. Dzinalo limangonena mtundu wa mtengo basi, ntchito ndi imene ikuuzeni thabwa loti mugule.

Choyamba onani komwe thabwalo likakhale. Chitseko cha panja chimakumana ndi mvula, dzuwa komanso kumenyetsedwa tsiku ndi tsiku, apa tengani mlombwa chifukwa sufufuma kwambiri ukanyowa ndipo chiswe sichiukonda. Koma muonetsetse kuti ndi wa pamtima, wofiirira uja, mbali yoyera ya kukhungwa ija imafumbwa msanga ndiye musalole kuti ilowe pa felemu. Chitseko chotere chimalemera, muikeni mahinjesi atatu osati awiri, ndipo boolani kaye musanamange sikuluu apo ayi thabwa ling'aluka. Cha kuchipinda paini akwana.

Kudenga nkhani imatembenuka. Ine ndimasankha paini, ndipo chifukwa chake tiwerengere limodzi. Thabwa la mamilimita 38 kwa 114 lotalika mamita 6, likakhala la paini wouma limalemera makilo pafupifupi 13, la bulugamu wolemera uja limatha kufika 20. Tirasi imodzi, chimango cha matabwa chonyamula denga chija, imadya matabwa angapo, ndiye ganizirani anthu akuikweza pamwamba pa khoma ndi manja. Komanso msomali pa paini umangolowa osang'amba, pomwe pa bulugamu wouma umapindika kapena kung'amba kumapeto kwa thabwa, pamene pali joini penipeni, ndipo tirasi mphamvu yake ili m'majoinimo.

Vuto la paini ndi chiswe. Gulani wothiridwa mankhwala ndi makina, amaoneka mobiriwira, ndipo paliponse mwadula ndi sowo pakanipo mankhwala chifukwa mkati mwayera.

Kenako sankhani thabwa limodzi limodzi, musangolozerana mulu. Liyang'aneni kuchokera kumapeto ndi diso limodzi muone ngati lawongoka. Mfundo yaikulu pomwe panali nthambi, makamaka ya m'mphepete, ndi pomwe thabwa limathyokera, lotero lisapite pa thabwa la pansi la tirasi lomwe limakokedwa mbali zonse ziwiri.

Kuuma ndiye kumene anthu ambiri amagwera. Thabwa laliwisi limalemera modabwitsa, limazizira mukaligwira, ndipo utuchi wake umamata pa sowo. Chitseko cha matabwa otere pakatha miyezi yochepa mapanelo amachepa m'lifupi mumayamba kuona kuwala m'mipata, loko nayenso osagwira. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera chinyezi, matabwa a chitseko akhale pa 12 mpaka 15 peresenti. Ngati mulibe asanjeni pamthunzi podutsa mphepo, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, muzikweza limodzi pa sikelo sabata iliyonse, likasiya kutsika kulemera ndiye muyambe kupala.